Mapiritsi a chithokomiro: konzani kaye nthawi musanapemphe mlingo wina

"Ndili ku Dedza. Ndimamwa mapiritsi a chithokomiro a mlingo wa 100 m'mawa uliwonse ndi khofi wamkaka, pamodzi ndi a ayironi omwe anandipatsa chifukwa cha kuchepa magazi. Pano kutopa kwabwereranso, ndikudzimbidwa, ndipo ku labu akuti TSH, yomwe amayeza m'magazi poona mmene chithokomiro chikugwirira ntchito, yakwera kufika 9. Ndipemphe kuti andiwonjezere mlingo?"

Asisi, musathamangire zowonjezera mlingo. Ine ndili ku Ntcheu kuno, ndakhala ndikumwa levothayirokisini yemweyu zaka zingapo, ndipo zomwe mwalembazi ndinadutsamo. Ndikuganiza kuti mankhwala ambiri omwe mukumwawo sakufika n'komwe m'magazi.

Kapiritsi aka kamalowa m'thupi kudzera m'matumbo aang'ono, ndipo kamalowa bwino m'mimba mukakhala mopanda kanthu. Kakakumana ndi ayironi kapena kashiamu, zimamatirirana n'kupanga chinthu chomwe matumbo sangayamwe, basi n'kukatulukira kuchimbudzi. Khofi nayenso amachepetsa kalowedwe kake, ndipo mkaka uli mu khofimo ndi kashiamu yemweyo. Ndiye inu mukukatsekereza kapiritsiko ndi zinthu zitatu nthawi imodzi. Pakhadi palembedwa 100, koma thupi likulandira zochepa, n'chifukwa chake TSH yakwera. TSH imakwera thupi likamaperewera mahomoni a chithokomiro, ndipo m'malabu ambiri amafuna ikhale pakati pa 0.4 ndi 4 kapena chapompo.

Mmene ndimachitira ine ndi umu. Botolo la mapiritsi limagona kumutu kwa bedi pamodzi ndi kapu ya madzi yovundikira. Ndikadzuka 5 koloko ndimameza ndi madzi okha, kenako ndikoleze mbaula, ndisese, ndisambitse ana. Pofika 6 koloko ola lakwana, ndimwe tiyi wanga. Kudikira mphindi 30 ndiye kochepetsetsa musanadye, koma kwa inu a khofi dikirani ola lathunthu. Ndikudziwa, ndi kuzizira kwa ku Dedza mu Juni munthu umafuna chotentha maso akangotseguka. Imwani madzi ofunda, alibe vuto.

Ayironi ndi kashiamu ola limodzi silikwana, pamafunika maola anayi. Ayironi wanu musamusiye, magaziwo akufunika, koma muzimumwa pa nkhomaliro kapena madzulo, ndipo musamumwere tiyi chifukwa tiyi amatchinga ayironinso. Mankhwala a chilungulira aja otafuna, kapena amadzi oyera ngati mkaka, nawonso maola anayi. Ambiri timawaiwala chifukwa timangogula pagolosale. Phala la soya ndi lina lomwe limachepetsa kalowedwe ka mankhwalawa, choncho ngati ndiye chakudya chanu cha m'mawa tsiku ndi tsiku, awuzeni adokotala.

Ineyo ndinapusitsidwa ndi nyengo. Ndinkazizidwa kwambiri, khungu kuuma, kugona masana, n'kumati ndi chisanu basi. Chinandidzidzimutsa n'chakuti Okutobala atafika anzanga akudandaula kutentha, ine ndidakali m'juzi. Nditasintha nthawi yomwera, mlingo uli womwewo, TSH inatsika yokha.

Koma musayembekezere kusintha mawa lomwe. Mankhwalawa amakhalitsa m'thupi, pamatenga pafupifupi sabata kuti theka lake lithe, n'chifukwa chake magazi amayezedwanso pakatha masabata 6 mpaka 8. Kuyezetsa msanga n'kungotaya ndalama ya thiransipoti. Pitani kuchipatala mukanene ndendende mmene mwakhala mukumwera, mumvane kuti muyese kaye kusintha nthawi, mulembe tsiku lomwe mwayambira. Ngati TSH ikhalabe pamwamba, apo ndiye adokotala awonjezere.

Chomwe ndikuopa n'choti mungachite zonse ziwiri pakamodzi, kuwonjezera mlingo ndi kukonza nthawi. Mankhwala akayamba kulowa mokwanira pa mlingo wokwerawo akhoza kupitirira muyezo: mtima kuthamanga, manja kunjenjemera, thukuta, kusowa tulo, kuwonda mosadziwika bwino. Mukaona zoterezi musadikire tsiku lanu la kuchipatala.

Ngati m'mawa zikukanika, mwina mumalawirira kumsika kwa Lizulu mdima ulipo ndipo mumadya musananyamuke, ena amamwa pogona, patatha maola atatu chidyereni nsima yamadzulo. Zimatheka, bola musamasinthesinthe, lero m'mawa mawa usiku. Mukasankha usiku, ayironi apite m'mawa kapena masana. Tsiku lomwe mwaiwala, imwani mukangokumbukira tsiku lomwelo.

Funso limodzi lokha, asisi, mundikhululukire: ayironiyo anakupatsani ku sikelo? Ngati muli oyembekezera kapena mukukayikira, za masabata 6 zija zisiyeni. Pathupi pamafuna mankhwalawa ochulukirapo kuyambira miyezi yoyambirira, ndipo TSH ya 9 siyodikira nayo. Pitani sabata ino ndi khadi lanu komanso mabotolo onse awiri.