Batire la alikalaini musaliike mu tchaja ngakhale kanthawi kochepa

"Abale, ndagula tchaja ya mabatire a AA ndi AAA. Ena akuti mabatire wamba a mu limoti nawonso amatchajika bola osawachedwetsa. Ndi zoona? Nanga otchajawo ndiziwasiya maola angati, ndipo kampani yabwino ndi iti?"

Achimwene, amene akuti amatchajikawo musawamvere. Inde, batire wamba ukalichotsa mu tchaja limayatsako tochi pang'ono, n'chifukwa chake anthu amanamizika, koma m'kati mwake zinthu zimakhala zitayamba kuwonongeka. Batire wamba la alikalaini analipanga kuti ligwire ntchito ulendo umodzi basi. M'kati muli zinki ndi mankhwala amadzimadzi owotcha khungu, ofanana ndi kositiki soda wopangira sopo. Mukalikankhira magetsi mobwerera, mumayamba kutuluka mpweya wa hayidirojeni, ndipo mpweyawo ulibe kolowera chifukwa batirelo ndi lomata. Ukachuluka umang'amba chotsekera chapansi, mankhwala aja n'kutayika, nthawi zina batire n'kuphulika.

Kwathu mwana wa mlongo wanga anaika awiri otere mu tchaja yanga usiku, osadziwa. M'mawa tinapeza limodzi litatupa kumunsi, pepala lake litakwinyika, timasipuling'i ta tchaja titanyowa ndi madzi oterera ngati sopo. Atauma panatsala zoyera ngati mchere, ndipo mbali imeneyo sinagwirenso ntchito. Chimandiopsa kwambiri n'choti batire lina silitayira mu tchaja, limakatayira mu wailesi kapena mu chidole cha mwana patapita masiku. Madzi amenewo akakugwerani pakhungu tsukani ndi madzi ambiri, ndipo akalowa m'maso tsukani kwa nthawi yaitali kenako thamangirani kuchipatala.

Musanaike batire mu tchaja, werengani pathupi pake. Lotchaja amalemba Ni-MH, 1.2V ndi nambala ya mAh yosonyeza kuchuluka kwa magetsi amene limasunga, mwina HR6 ngati ndi AA kapena HR03 ngati ndi AAA. Mukaona Alkaline, LR6, LR03, R6 kapena R03, limenelo likatha latha. Samalaninso ndi lolembedwa 14500 kapena 3.7V. Kukula kwake ndi kwa AA ndithu, koma ndi la lifiyamu ndipo limafuna tchaja yakeyake.

Za maola zimadalira tchaja yanuyo. Itembenuzeni, muone pamene alemba Output, mupeza nambala ya mA yosonyeza magetsi amene tchajayo imatulutsa. Tinene kuti batire lanu ndi la 2000 mAh ndipo tchaja ikutulutsa 200 mA. Gawani 2000 ndi 200, mupeza maola 10. Koma magetsi ena amatayika ngati kutentha, ndiye chulukitsani ndi 1.4, akhala maola pafupifupi 14. Batire la AAA la 800 mAh pa 200 mA yomweyo likwana pa maola 5 kapena 6. Mukuona nokha kuti kuwasiya onse usiku wonse pamodzi ndi kupha laling'onolo. Onetsetsani bwino, chifukwa matchaja ambiri amalemba nambala ina ya AA, ina ya AAA.

Masamu amenewa ndi a batire lotheratu, komanso a tchaja zotchipa zija zimene sizizima zokha, kagetsi kofiira kamangoyaka mpaka mutazula. Zambiri mwa izo zimatchaja awiriawiri. Mukaphatikiza lotheratu ndi lotsala theka, limodzi lipsa linalo lisanadzaze. Ndiye amene amagwira ntchito limodzi mu tochi azitchajidwanso limodzi, akhale a kukula kumodzi ndi mAh yofanana. Ine ndimawalemba chizindikiro ndi cholembera kuti asasakanikirane.

Ngati thumba likulola, onjezerani ndalama mugule tchaja imene batire lililonse lili ndi kagetsi kake. Imeneyo imazindikira kuti batire ladzaza, n'kusiya yokha, ndipo mutha kuikamo limodzi kapena atatu popanda vuto.

Dzanja lanu likuuzaninso zambiri. Batire la Ni-MH likamayandikira kudzaza limafunda, zimenezo n'zabwinobwino. Likatentha moti simungalifumbate, zulani msanga. Ngati muli ndi mita yoyezera magetsi, lodzaza kumene limawerenga cha m'ma 1.4V, kenako limatsika pang'onopang'ono. Kulembedwa 1.2V sikutanthauza kuti ndi lofooka, limagwira mu zipangizo zambiri za 1.5V. Koma musaliphatikize ndi la alikalaini mu chipangizo chimodzi, ndipo tochi ikayamba kuzilala chotsani mukatchaje, osadikira kuti izimiretu, chifukwa batire lofooka pagulupo limawonongeka msanga.

Pogula, mukaona AA la Ni-MH lolembedwa 4000 mAh kapena kuposerapo, lisiyeni pomwepo. Enieni amathera cha m'ma 2500 mpaka 2800, ndipo a AAA cha m'ma 1000.