Mawu a pa linki ndi mutu wa tsamba azinena chimodzi

"Moni. Ine ndimakhala ku Mufakose ndipo ndimanyamula katundu wa anthu kuchokera kuno ku Harare kupita ku Blantyre. Tsamba la mitengo pa webusaiti yanga ndinalipatsa mutu wabwinobwino, koma pa Google likungooneka kuti 'Mitengo' basi. Mphwanga akuti vuto ndi malinki anga, poti ambiri amangoti 'dinani apa'. Kodi timawu ta pa linki tingakhudze bwanji mutu wa tsamba lina? Ndisinthe chiyani?"

Bambo, mphwanu sanalakwe, kungoti wakuuzani theka la nkhaniyi. Ndatsegula webusaiti yanu, masamba onse 14, ndipo theka linalo ndalipeza.

Tiyambe ndi chimene Google imachita. Mzere umene anthu amadina pa zotsatira, Google imadzisankhira yokha. Kawirikawiri imatenga mutu umene mwalemba m'khodi ya tsamba, mu `<title>`, koma si lamulo. Mu Ogasiti 2021 inasintha njira yosankhira mitu, ndipo mwezi wotsatira inanena kuti `<title>` imagwiritsidwa ntchito pafupifupi maulendo 87 pa 100. Maulendo otsalawo imayang'ana kwina: mutu waukulu wooneka pa tsamba, umene uli mu `<h1>`, mawu ena oonekera kwambiri, komanso mawu a malinki amene amaloza tsambalo. Izi inazilemba poyera m'malangizo ake. Ndiye mawu a pa linki ndi umboni wa masamba ena wonena kuti tsamba ili ndi la chiyani. Mutu ndi dzina limene tsamba ladzitcha lokha, pomwe mawu a malinki ndi dzina limene anansi ake amalitchula. Maganizo amenewa si atsopano: Sergey Brin ndi Larry Page, amene anayambitsa Google, poifotokoza mu 1998, ananena kale kuti mawu a pa linki amawawerengera ku tsamba limene linkiyo ikupita, chifukwa nthawi zambiri amalifotokoza bwino kuposa mmene limadzifotokozera lokha.

Mutu wa tsamba lanu uli chonchi:

```html
<title>Mitengo | katundu Malawi Harare Blantyre kutumiza katundu motchipa katundu Harare Malawi</title>
```

Ndikudziwa chimene munkafuna, kuti aliyense wofufuza mawu amenewa akupezeni. Koma "katundu" wabwera katatu, "Harare" kawiri, "Malawi" kawiri, ndipo palibe munthu angawerenge mzere umenewu mokweza n'kumveka. Mitu yautali yobwerezabwereza mawu ndi ina mwa imene Google imakonda kuisiya. Itausiya, inafunsa mboni. `<h1>` yanu imati "Mitengo". Linki ya m'menyu, imene ili pa masamba onse 14, imati "Mitengo". M'kati mwa nkhani zanu muli malinki asanu ndi anayi opita ku tsambali: asanu ndi limodzi amati "dinani apa", awiri amati "werengani zambiri", ndipo imodzi ndi chithunzi cha galimoto yanu chopanda mawu alionse. Mboni zimene zinalankhula zinati "Mitengo", zina zonse zinangokhala chete. Sindingalowe m'makina a Google kukaona chimene chinalemera kwambiri, koma dzina limene yakupatsani ndi lokhalo limene webusaiti yanu imalinena mogwirizana.

Ndipo taonani kuti m'chinenero chathu liwu lakuti "mitengo" lili pawiri. Munthu akaliona lokha pa Google sangadziwe ngati mukunena za ndalama kapena mumagulitsa mbande za mapeyala.

Kwa ine "dinani apa" amandikumbutsa pa siteji ya makombi. Hwindi, woitanira anthu m'kombi uja, akamakuwa kuti "Mufakose! Mufakose!" mumakwera mtima uli m'malo, ndipo mukaona chikwangwani cha kutsogolo chikunenanso Mufakose, simufunsanso munthu. Koma atamangokuwa kuti "kwerani, kwerani", mungaime kaye. Wowerenga amachitanso chimodzimodzi, makamaka pa foni, pamene tsamba lililonse lotsegula molakwika likumudyera bandulo. Anthu osaona amavutika koposa: pulogalamu imene imawawerengera za pa sikirini imatha kuwatchulira malinki okhaokha motsatizana, ndipo pa tsamba lanu angamve "dinani apa, dinani apa, dinani apa" osadziwa kuti iliyonse ikupita kuti.

Pokonza, musayambe ndi malinki. Yambani ndi mutu, chifukwa malinki sangachitire umboni chinthu chimene sichinanenedwe bwino. Dzifunseni kuti tsambali likuyankha funso liti, limodzi lokha. Lanu likuyankha lakuti: ndilipira zingati kuti katundu wanga afike ku Blantyre? Ndiye lembani zomwezo.

```html
<title>Mitengo yotumizira katundu ku Blantyre kuchokera ku Harare</title>
<h1>Mitengo yotumizira katundu ku Blantyre</h1>
```

Mutu umenewu sukupitirira zilembo 60, ndipo utali woterewu nthawi zambiri umaoneka wonse osadulidwa. Google ilibe malire okhazikika a zilembo, imadula malinga ndi kukula kwa sikirini, n'chifukwa chake mawu ofunika aikidwe koyambirira.

Tsopano malinki aja asanu ndi anayi. Apa ndipo pali ntchito yeniyeni, ndipo ndi ntchito ya kulemba, osati ya makina. Pa nkhani yanu yofotokoza njira ya ku Nyamapanda, kudutsa ku Tete mpaka ku Mwanza, munalemba chonchi:

```html
Kuti mudziwe mitengo yathu <a href="/mitengo/">dinani apa</a>.
```

Chiganizochi chili kale ndi mawu oyenera, kungoti linki munaiika pa mawu olakwika. Chitembenuzeni:

```html
Onani <a href="/mitengo/">mitengo yotumizira katundu ku Blantyre</a> musanabwere.
```

Njira yoyesera ndi yosavuta. Phimbani chiganizo chonse ndi chala, musiye mawu a linki okha. Ngati munthu wosakudziwani anganene kumene linkiyo ikupita, zili bwino. Kenako dinani, muwerenge mutu wa tsamba limene latseguka. Ngati zimene linki inalonjeza ndi zimene mutu ukunena, zatheka.

Koma musatenge mawu amenewa n'kuwamata pa malinki onse asanu ndi anayi ngati chidindo. Ambiri akangomva malangizowa amagwera m'menemu. Mawu a linki asakhale kope la mutu, akhale mawu a chiganizo chimene alimo, olozabe ku nkhani yomweyo. Pa nkhani yanu ya kapakidwe ka mbale ndi magalasi mungalembe "mtengo wa katoni imodzi kupita ku Blantyre". Pa nkhani ya anthu amene akubwerera kumudzi ndi katundu wa m'nyumba mungalembe "ndalama zotumizira bedi kapena firiji ku Blantyre", malinga ngati tsamba la mitengo likutchuladi bedi ndi firiji. Ngati silikutchula, musalonjeze. Kusiyanasiyana kumeneku kumathandiza mutu m'njira imene wokha sungathe: mutu uli ndi malo a mawu ochepa, pomwe malinki amaonjezera katoni, bedi, firiji, mawu amene makasitomala anu amawanenadi pa foni. Mawu atatu mpaka asanu ndi awiri amakwana. Chiganizo chonse chikasanduka linki, diso silidziwa pogwira.

Chithunzi cha galimoto chija nacho chilankhule. Linki ikakhala chithunzi, Google imatenga mawu a mu `alt` ngati mawu a linkiyo.

```html
<a href="/mitengo/"><img src="galimoto.jpg" alt="Mitengo yotumizira katundu ku Blantyre"></a>
```

M'menyu malo ndi ochepa, ndiye simungaikemo mutu wonse. "Mitengo ya katundu" ikwanamo, ndipo yachotsa kale nkhani ya mapeyala ija.

Ndaonanso vuto lina limene simunalifunse, koma ndi la mtundu womwewu. Muli ndi tsamba lofotokoza masiku a ulendo, ndi lina lofotokoza katundu amene simunyamula. Malinki opita ku masamba awiri onsewa amati "kutumiza katundu ku Malawi". Mawu amodzi akuloza makomo awiri, ndipo palibe khomo limene likupindula. Wowerenga amene anadina koyamba n'kupeza masiku, akaonanso mawu omwewo amaganiza kuti ndi tsamba lomwe lija, sadinanso. Lina likhale "masiku amene galimoto imanyamuka ku Harare", linalo "katundu amene sitinyamula". Tsamba lililonse likhale ndi mawu akeake.

Pali chinanso cha ife a kuno ku Harare. Makasitomala anu ena amawerenga Chichewa, ana awo ambiri anazolowera Chishona ndi Chingerezi. Mukadzalemba masamba m'zinenero ziwiri, linki ya pa tsamba la Chichewa iloze tsamba la Chichewa, mawu ake akhale a Chichewa. Linki ya Chichewa yopita ku tsamba la mutu wa Chingerezi sichirikiza mutuwo kwenikweni, poti mawu ake sakukumana, ndipo agogo amene anadina akuyembekeza Chichewa amangotseka. Ngati palibe kuchitira mwina, nenani m'linki momwemo kuti tsambalo ndi la Chingerezi.

Kuti mupeze malinki onse, pa masamba 14 mungathe ndi manja madzulo amodzi. Tsegulani tsamba lililonse pa kompyuta, dinani `Ctrl+U` kuti muone khodi yake, kenako `Ctrl+F` n'kulemba `/mitengo/`. Lembani m'kope tsamba limene linki ili, mawu ake akale, ndi mawu atsopano. Kopelo ndi lofunika, chifukwa ndi mmene mumaonera ngati mwabwereza mawu amodzi kambirimbiri. Masamba akachuluka, pulogalamu ya Screaming Frog imayendera maadiresi 500 kwaulere: sankhani tsamba, pitani pa `Inlinks`, muyang'ane pansi pa `Anchor Text`. Musadalire Search Console, chida cha Google choonera mmene webusaiti yanu ikuonekera pa zotsatira, pa ntchito imeneyi. Pa `Links` imakuonetsani masamba amene akuloza tsamba lanu m'kati mwa webusaiti, koma mawu a malinki imangoonetsa a mawebusaiti akunja. Popeza yanu ndi ya WordPress, pokonza simufunika kugwira khodi: lembani chiganizo chatsopano, sankhani mawu oyenera, dinani `Ctrl+K`, ikani adiresi.

Mukamaliza, ikani adiresi ya tsamba la mitengo m'bokosi la pamwamba mu Search Console, mudine `Request indexing`. Chitaninso chimodzimodzi ndi masamba amene mwasinthamo malinki, chifukwa Google siona umboni watsopano isanawayenderenso. Zimatenga masiku angapo, nthawi zina milungu. Kuti muone ngati zasintha, lembani `site:` motsatizana ndi adiresi ya tsambalo pa Google.

Ndikuuzeni mosabisa malire ake. Ntchito imeneyi imathandiza Google kumvetsa tsamba lanu ndi kulitchula dzina loyenera, koma siikakamiza, ndiponso payokha siingakukwezeni pamwamba pa anzanu onse onyamula katundu. Ikapita milungu inayi mutu ukadali "Mitengo", yang'anani kaye ngati `<h1>` inasinthadi, chifukwa mu WordPress mutu wa mu `<title>` ndi mutu wooneka pa tsamba nthawi zina amasinthidwira malo osiyana, ndipo ambiri amakonza umodzi n'kuiwala unzake. Kenako yang'anani pansi penipeni pa tsamba. Pa webusaiti yanu pali menyu yachiwiri kumeneko, ndipo nayonso imati "Mitengo" pa masamba onse 14.