Wotchipa wagwa, ndiye mu lipoti ndilembe chani?

"Abale, ndili mu komiti ya ivaluweshoni ku khonsolo, tenda ya madesiki 200. Amene watchipa kwambiri si amene tamusankha. Ndilembe bwanji lipoti kuti a IPDC, komiti yovomereza zogula, asatibwezere?"

Achimwene musaope, malamulo sanena kuti wotchipa ndiye awine ayi, amati wotchipa pakati pa amene akwanitsa zonse zimene munalemba mu dokyumenti ya tenda. Ndiye lipoti lanu lingoonetsa pamene aliyense wagwera basi.

Yambani ndi mapepala, satifiketi ya ku bungwe loyang'anira zogula za boma la PPDA, kiliyarensi ya msonkho ya ku MRA, fomu ya bidi yosainidwa. Apa palibe mamakisi, ndi eya kapena ayi mu tebulo. Mwachangu.

Pamene pamavuta mpa masipeki. Tiyerekeze munalemba kuti desiki ikhale ya felemu yachitsulo, pamwamba thabwa lolimba. Sapulaya A watchaja K85,000 imodzi, zonse K17,000,000, watchipadi, koma mu bidi yake walemba chipibodi. Ameneyo wagwera pompo ndipo mtengo wake sulowanso mu mpikisano. Koma musalembe kuti "sanakwanitse zofunika" nkusiyira pomwepo, ma lipoti ambiri amabwezedwa chifukwa cha chiganizo chimenechi. Lembani kuti ndime yakuti ya dokyumenti yathu imafuna thabwa lolimba, iye pa peji yakuti walonjeza chipibodi, kuti odita akabwera chaka chamawa inu mutasamutsidwa atsegule yekha aone.

Atsala B ndi C. Potsegula ma bidi B anawerengedwa K18,000,000, C K19,000,000, aliyense mu holo anatuluka akudziwa kuti B ali patsogolo. Tengani kakyuleta. B walemba desiki imodzi K98,000, kuchulukitsa ndi 200 ikubwera K19,600,000 osati 18 miliyoni ija. Zikasemphana chonchi timatsata mtengo wa chimodzi, totalo ndi imene imakonzedwa, ndipo mumulembere kalata B avomereze, akakana bidi yake yagwa. C ndi K95,000 imodzi, masamu ake ali bwino, K19,000,000. Wawina C. Mu tebulo muike mtengo wowerengedwa potsegula, wokonzedwa, ndi kusiyana kwake K1,600,000, apo ayi B adzadandaula kuti munamubera, ndipo poyang'ana maminitsi a tsiku lotsegula adzaoneka ngati akunena zoona.

Chimene ine chinandipsetsa ndili kwinakwake, tinagwetsa munthu poti kale anachedwetsa katundu, zoona ndithu tonse timadziwa, koma mfundo imeneyo mu dokyumenti munalibe. Lipoti linabwerera, tinayambiranso. Muyezo umene simunalembe poitana ma bidi musaulowetse pakati pa njira, ngakhale bwana anene.

Musanapereke, muoneni C ngati angathedi, ntchito zimene anagwirapo ndi mphamvu ya ndalama monga munafunsira. Kenako mamembala onse asaine lipoti ndi mafomu aja onena kuti alibe chibale ndi ma sapulaya. Ndipo mawu ake akhale "tikupempha kuti kontilakiti ipite kwa C pa K19,000,000", osati "tapereka", inu mumangolangiza, ovomereza ndi a IPDC.