Thumba la yureya limene munda ukutaya chaka chilichonse

"A alangizi anzanga, pa maphunziro anatigawira chidule cha kafukufuku chonena kuti nthaka ya mu Afirika ikutaya makilogalamu 22 a nayitrojeni pa hekitala pachaka. Chingerezi chake n'cholimba. Alimi anga kuno ku Mzuzu ndikawauze chiyani?"

Chidulecho ndi cha akatswiri a ku Wageningen, m'dziko la Netherlands, ndipo chinatuluka mu 1993. Anawerengera minda ya m'mayiko 38 a kumwera kwa chipululu cha Sahara monga momwe mayi amawerengera nkhokwe yake: zolowa ndi zotuluka. Chonde chimalowa ndi feteleza, manyowa, mvula, mbewu za mtundu wa nyemba ndi matope obwera ndi madzi. Chimatuluka ndi zokolola, mapesi ochotsedwa m'munda, madzi otsikira pansi, mpweya ndi kukokoloka kwa nthaka. Atachotsera, anapeza kuti m'zaka za 1982 mpaka 1984 hekitala inkaperewera makilogalamu 22 a nayitrojeni, 2.5 a fosifolasi ndi 15 a potaziyamu pachaka.

Mlimi musamuuze za makilogalamu. Thumba la yureya la makilogalamu 50 lili ndi nayitrojeni wokwana makilogalamu 23. Muuzeni kuti munda wa maekala awiri ndi theka ukuluza thumba lathunthu chaka chilichonse, ngakhale mutawerengera kale zimene wathira. Pamenepo adzatchera khutu.

Koma achimwene, samalani. Nambalayo ndi yapakatikati ya mayiko onsewo, komanso ndi yowerengera, sanayeze munda ndi munda. Malawi anali m'gulu la otaya kwambiri, ndipo munda wapamtsetse kuno kwathu, kumene mvula imagwa mpaka Epulo, ungathe kutaya zoposa pamenepo.

Tengani mlimi wokolola matumba 20 a chimanga. Ndi tani imodzi, ndipo maso a chimangawo achoka ndi nayitrojeni pafupifupi makilogalamu 15. Khomo limenelo sitingatseke, anthu ayenera kudya. Chimene chimandiwawa ndi makomo enawo. Akatentha mapesi, nayitrojeni amapita ndi utsi. Akathira yureya yense kamodzi, pamwamba osakwirira, wina amauluka, wina chimvula chimamutsitsa kupitirira mizu. Mizere ikalunjika kumtsetse, dothi lakuda lapamwamba limakathera kudambo.

Pitani naye m'munda mvula itangokata. Onani madzi ofiira akuthamanga m'makwalala, mizu ya chimanga ili pambalambanda, ndi mchenga wounjikana kumunsi. Thyolani tsamba lam'munsi: likachita chikasu kuyambira kunsonga kutsata mtsempha wapakati, nayitrojeni wachepa.

Ine ndimayamba ndi madzi, feteleza pambuyo. Akonze akalozera odutsa chopingasa mtsetse, abzalepo vetiva, atseke mizere ndi ngonyeka, mapesi atsale m'munda. Yureya akwirire, ndipo kumene kuli mchenga amugawe kawiri. Gawo limene kaufiti wayamba kuonekera, chaka chamawa alipatse soya kapena mtedza, masangwi ake abwerere m'munda momwemo.