Mizati ya pa tchati ikusiyana kwambiri pomwe manambala akuyandikana

Funso: "Abale ndithandizeni. Dzulo pa nyuzi anaonetsa tchati cha mizati iwiri, wina wamtali kuposa unzake mwina katatu. Koma manambala amene analemba pamwamba pa mizatiyo amangosiyana pang'ono. Ndikhulupirire chiti, chithunzi kapena manambala?"

Achemwali, khulupirirani manambalawo. Ngati mungachipezenso tchaticho, yang'anani mzere wa manambala ang'onoang'ono umene umakhala cham'mbali, muone nambala imene ili pansi penipeni, pomwe mizati yayambira. Ndikukhulupirira kuti simupezapo ziro. Mizatiyo anaidula miyendo, inu anakuonetsani nsonga zokha.

Tiyerekeze kuti anthu awiri aima kuseri kwa mpanda. Wina ndi wamtali masentimita 170, mnzake 160, ndipo mpandawo ndi wa masentimita 150. Inu muli kunja, mukuona masentimita 20 a woyambayo ndi 10 a wachiwiriyo. Maso akuuzani kuti wina watalika kawiri kuposa mnzake, chonsecho akusiyana ndi masentimita 10 okha, osakwana n'komwe kutalika kwa chikhatho. Palibe nambala yabodza imene yanenedwa apa, wakupusitsani ndi mpanda.

Zoterezi zinachitikadi mu 2012 pa kanema wa Fox ku America, ndipo aphunzitsi a masamu amachitchulabe chitsanzo chimenechi. Nkhani inali ya msonkho wa anthu olandira ndalama zambiri, umene unali pa 35 peresenti ndipo unkayembekezeka kukwera kufika pa 39.6 peresenti pa 1 Januwale 2013. Tchati chawo chinali ndi mizati iwiri, koma mzere wa manambala unayambira pa 34. Tsono werengani nane. Mzati woyamba unkaoneka kutalika kwa 35 kuchotsa 34, yomwe ndi 1. Wachiwiri unali 39.6 kuchotsa 34, yomwe ndi 5.6. Pa kanema mzati wachiwiri unaposa woyamba kasanu ndi theka, ndipo munthu woonera akudya nsima akanangoti msonkho ukwera kasanu.

Kukwera kwenikweni nanga? Chotsani 35 pa 39.6, mutsala ndi 4.6. Gawani 4.6 ndi 35, mupeza pafupifupi 0.13, kutanthauza kuti pa madola 100 aliwonse amene munthu ankapereka pa gawo limenelo la msonkho, azionjezerapo 13. Akanayambira pa ziro, mzati woyamba utakhala masentimita 10, wachiwiri ukanakhala 11.3. Kusiyana kukanaonekabe, koma osati kochititsa munthu kudzuka pampando.

Masamu omwewa chitani pa tchati chanu: nambala yaikulu kuchotsa yaing'ono, yankholo n'kuligawa ndi yaing'onoyo. Foni iliyonse ili ndi kakyuleta. Mukafuna kutsimikiza, ikani rula pa chithunzicho muyeze mizati yonse iwiri. Ngati rula ikuti katatu pomwe manambala akuti pang'ono chabe, tchaticho n'chodulidwa, ngakhale atakhala kuti manambala a m'mbali anawachotseratu. Ena amene ali ndi chilungamo amaika kachizindikiro kokhotakhota pansi pa mzere kusonyeza kuti adula, koma pa kanema chithunzi chimangokhala masekondi ochepa, ndani angakaone?

Chimene chimandipweteka n'chakuti zithunzi zotere zimayenda pa WhatsApp mofulumira kuposa nkhani yake, anthu n'kumakangana mpaka kudana chifukwa cha kutalika kwa mzati. Komabe si nthawi zonse pamene wojambula amakhala ndi cholinga choipa. Excel, pulogalamu ya pa kompyuta imene ambiri amajambulira matchati, imatha kuyambitsa yokha mzere pamwamba pa ziro ngati manambala ali oyandikana kwambiri, ndipo mtolankhani amene akuthamangira nthawi sangazindikire.

Pali zinthu ziwiri zoti musamale nazo. Kusiyana kochepa sikutanthauza kuti nkhaniyo ndi yachabe. Thupi la mwana likatentha kuchoka pa madigiri 37 kufika pa 39, pa tchati choyambira pa ziro mizati ingaoneke ngati yofanana, koma mayi aliyense akudziwa kuti apo n'kuthamangira kuchipatala. Ndiye mukapeza kusiyana kwenikweni, mudzifunsebe kuti pa nkhani imeneyi kusiyana koteroko n'kwakukulu kapena ayi.

Chinanso, lamulo loyambira pa ziro limagwira kwambiri pa mizati, chifukwa uthenga wa mzati uli m'kutalika kwake. Tchati cha mzere wokwera ndi kutsika, monga chosonyeza mtengo wa chimanga mwezi ndi mwezi, chikhoza kuyambira pena paliponse bola manambala alembedwe poonekera, poti apo timayang'ana kumene mzere ukulowera.

Mukachipeza chithunzicho chiikeni muno m'gulu, tiwerengere limodzi.