Mlendo watilemba zoipa pa Google, ndimuyankhe bwanji?

"Abale ndithandizeni. Ndili ndi kagesitihausi ka zipinda 6 ku Area 25. Bambo wina anagona kwathu Loweruka, nde watipatsa nyenyezi imodzi pa Google, akuti madzi osamba anali ozizira, neti inali yobooka, komanso akuti mtsikana wa pa lisepushoni anamubera chaja. Za madzi ndi zoona koma za chaja ndi bodza lenileni. Munthuyo anabwera 1 koloko usiku ataledzera ali ndi kamtsikana, kamera inamujambula. Ndimuyalutse?"

Asisi pepani, ndikudziwa mmene zikuwawira, koma za kamerazo zisiyeni kaye, ndipo foniyo muyiike pansi mpaka mawa. Ine ndili ndi loji ku 47 ndipo ndinapangapo zomwe mukufuna kupangazi, ndinayankha mlendo wina 11 koloko usiku mtima uli m'mwamba, ndinalemba mpaka za ngongole ya mowa yomwe anasiya pa bala. Kutacha ndinafufuta koma anthu anali atajambula kale sikirinishoti, inazungulira m'magulu sabata yathunthu, mpaka mlamu wanga wa ku Mchinji ananditumizira osadziwa kuti lojiyo ndi yanga.

Chomwe ndinaphunzira mochedwa ndi choti yankho lanu simukulembera bamboyo ayi. Iyeyo anapita, mwina sadzabweranso. Amene adzawerenge ndi mayi wina ali ku Mzuzu akufuna pogona masiku atatu abwere ku wekishopu, kapena munthu woti ndege yake ikunyamuka m'mawa ku KIA akusaka malo apafupi, ndipo anthu amenewa akatsegula Google Maps amathamangira ma liviyu oipa, abwinowo amangowadumpha. Nde akapeza mwiniwake akulemba kuti "munabwera ndi kamtsikana mutaledzera", saganiza kuti mlendoyo ndi woipa, amaganiza kuti eee pamalo apa eni ake amaonera kamera nkumaulutsa za alendo. Mu Lilongwe muno timadziwana, dzina la pa Google nthawi zambiri limakhala lenileni, mukhoza kupasula banja la munthu nkudzipezera samani ya kukhoti chifukwa cha nyenyezi imodzi. Amene anabwera naye, nthawi yomwe anafika, nambala ya chipinda, zonsezo zisatuluke pakamwa panu.

Mawa musanalembe chilichonse lowani m'chipindamo nokha. Netiyo itambasuleni muyang'ane kowala, kabowo kolowa chala ndi kokwanira kuti munthu agone akudziomba mbama usiku onse, ndipo atsikana oyala pabedi sakaona chifukwa amaimanga mfundo m'mwamba. Za madzi fufuzani chinachitika ndi chani kwenikweni. Giza ya malita 150 imafuna maola awiri kapena atatu kuti madzi atenthe bwino, nde ngati magetsi anazima usiku nkuyaka 5 koloko, munthu wosamba 6 koloko apeza ozizira basi, ndipo tijenereta tathu tating'onoti timayatsa mababu ndi TV koma giza sitinyamula. Koma ngati magetsi analipo usiku onse ndiye kuti ndi elementi yapsa kapena wina anathimitsa switchi kufuna kusunga mayunitsi, zomwe ife eni malo timachita ndipo tisanamizane. Muyenera kudziwa chenicheni, chifukwa mukalemba kuti "kunalibe magetsi" pomwe munthuyo anachajitsa foni usiku onse, abweranso kudzakutsutsani pagulu pomwepo.

Mtsikana wa pa lisepushoni mumufunse muli awiri, osati pamaso pa anzake. Ngati muli ndi buku lolembamo zinthu zoiwalidwa ndi alendo onanimo, ngati mulibe gulani kope lero.

Mukatero lembani mwachidule, zokwana pa sikirini ya foni osatsitsa. Ine ndikanalemba chonchi:

"Zikomo bambo chifukwa chogona kwathu komanso potiuza zomwe munakumana nazo. Za madzi mukunena zoona, giza ya chipinda chanu sinatenthetse m'mawa umenewo ndipo tinayenera kukubweretserani madzi otentha osadikira kuti mupemphe, pepani kwambiri. Elementi tasintha Lachiwiri, neti tachotsa taika yatsopano ndipo taona maneti a zipinda zonse. Za chaja tafufuza m'chipinda ndi m'buku la zinthu zoiwalidwa, tafunsanso onse amene anali pa ntchito, sitinaipeze ndipo sitinapeze chosonyeza kuti wantchito wathu anaitenga. Chonde tiimbireni pa nambala ya pa lisiti yanu mutiuze mtundu wake, tipitirize kuyang'ana. Ndine mwini malo."

Za elementi ndi Lachiwirizo ndangoyerekeza, inu mulembe zomwe mwakonzadi ndi tsiku lake, ndipo ngati simunakonze konzani kaye kenako muyankhe. Kulemba kuti "tikonza posachedwa" palibe amakhulupirira, tonse tinamvapo mawu amenewo kwa makaniko.

Taonani pa chaja paja, sindinalembe kuti "mukunama" komanso sindinapepese. Apa ndi pomwe ambiri timalakwitsa, ena amalusa, ena amagonja nkupepesa zonse kuti nkhani ithe, osadziwa kuti ukapepesa za kuba ndiye kuti wavomera pagulu kuti mwana wa eni ake ndi wakuba, ndipo mtsikanayo nayenso ali ndi foni adzawerenga. Mumangonena zomwe mwachita ndi zomwe mwapeza, owerenga aweruza okha. Ndipo poti mwayamba ndi kuvomera za madzi mosazemba, akakumvani mukukana za chaja amakukhulupirirani. Mawu oti "pepani ngati munakhumudwa" asapezekemo, ka "ngati" kameneko kamamveka mwano. Dzina la mtsikanayo musalitchule. Za kubweza ndalama kapena kumupatsa usiku waulere mukakambirane pa foni, mukazilemba poyera mudzaona wina aliyense akudandaula za madzi kuti naye agone ulere.

Ngati iye analemba mu Chingerezi muyankhe mu Chingerezi, mfundo zake zomwezi.

Kuti yankho lioneke kuti lachokera kwa mwini malo, gesitihausiyo ikhale yolembetsedwa m'dzina lanu pa Google Business Profile, mukatero pansi pa liviyu pamabwera Reply. Musayankhe polemba liviyu ina ndi akaunti yanu nkudzipatsa nyenyezi 5, zimaoneka, ndipo malamulo a Google amaletsa. Chimodzimodzi kutuma azibale anu, ma liviyu khumi obwera tsiku limodzi onse a mfunda umodzi ngakhale mwana amazindikira. Kufufuta liviyu ya munthu inu simungathe, chomwe mungachite ndi kuichitira lipoti, koma amachotsa ngati muli zotukwana kapena ngati ndi yabodza yoti munthuyo sanafikeko, pomwe uyu anagonadi ndipo madzi analidi ozizira, nde musataye nthawi kudikira. Mukayankha iye amalandira uthenga, ndipo liviyu yake akhoza kuisintha yekha. Kwa ine zinachitikapo kamodzi, mayi wina anakweza kuchoka pa 2 kufika pa 4 nditamuimbira, koma sindinamupemphe, ndipo ena ambiri sanasinthe kanthu.

Akabweranso ndi zina zokupsetsani mtima musayambe naye mpira wobwezerana, yankho lanu likhale lomwelo. M'malo mwake alendo amene akutuluka akusangalala muziwapempha pomwe akubweza kiyi kuti akulembereni mawu awiri, pakatha miyezi ingapo ya bamboyo idzakhala itakwiririka.

Ndipo Juni akamayandikira, uzani mlonda kuti magetsi akazima usiku aziyatsa mbaula 5 koloko, ndowa ya madzi otentha izikhala pakhomo la chipinda mlendo asanadzuke. Mukalemba yankho lanu nditumizireni ku inibokosi ndiliwerenge musanaliponye.