Kukumbutsa abwana: pa LinkedIn kapena pa imelo?

"Anzanga, ndinachita intavyu pa kampani ina yogula soya ndi nshawa kuno ku Chipata. Anati ayankha pakatha masabata awiri, koma mpaka lero kuli zii. Abwana amene anandifunsa mafunso ndili nawo pa LinkedIn, imelo yawonso ndili nayo. Kodi ndingalembe uthenga umodzi n'kuutumiza konse kuwiri?"

Ayi mlongo wanga, musatero. Yambani ndi imelo, ndipo mukadzafika pa LinkedIn mudzalembe zina, zazifupi kwambiri.

Chifukwa chake n'chakuti imelo siithera m'manja mwa munthu amene mwamulembera. Abwanawo akaiwerenga akhoza kungodina Forward, ipite kwa a ofesi yolemba anthu ntchito, mwina ku Lusaka, kwa munthu amene sanakuonenipo nkhope. Ndiye imelo iyenera kudzifotokoza yokha: ndinu ndani, ntchito yake ndi iti, intavyu inachitika liti, mukufuna chiyani. Ngati anakuitanani ku intavyu kudzera pa imelo, musayambe yatsopano. Dinani Reply pa yomweyo kuti mutu wake ndi zonse zimene munakambirana zikhale pamodzi. Ngati munali ena pa Cc, dinani Reply all, chifukwa nthawi zambiri amene amasunga mafailo ndi iwowo, osati abwana.

Kutalika kwake, ziganizo zisanu kapena zisanu ndi chimodzi zakwana. Ndilemba m'chilankhulo chathu, inu mudzaziika m'Chizungu:

"Okondedwa a Manijala, ndikuthokozanso chifukwa chondiitana ku intavyu ya ntchito ya mlangizi wa alimi pa 3 Juni ku ofesi yanu ya ku Chipata. Munanena kuti zotsatira zituluka pakatha masabata awiri, choncho ndati ndifunse pamene nkhaniyi yafika. Ntchitoyi ndikuifunabe, makamaka ija munatchula yoyendera magulu a alimi a ku Katete ndi Chadiza. Ngati pali pepala lina lofunika, ndikhoza kutumiza lero lomwe. Zikomo kwambiri."

Pansi pake dzina lanu lonse ndi nambala ya foni. Onani kuti mulibe kudandaula. Zakuti "ndili pa mavuto, ana ali pa sukulu" zisiyeni, ngakhale zili zoona, poti imelo imasungidwa ndipo simudziwa adzaiwerenge ndani.

Pa LinkedIn zinthu n'zosiyana. Dzina lanu, chithunzi ndi mbiri ya ntchito zili kale pompo, ndiye kudzifotokoza kuyambira ku sukulu n'kutaya malo. Chinanso, ambiri amawerengera pa foni, mwina ali m'galimoto pa msewu wa ku Lundazi, ndipo chimene amayamba kuona ndi mawu ochepa oyambirira okha. Mawuwo mukawathera pa moni wautali wofunsa za kunyumba ndi mvula, munthu amati ndiwerenga madzulo, basi waiwala. Ife a kum'mawa moni timaukonda, ndipo sindikuti muutaye, koma ukhale wa mawu awiri atatu:

"Mwauka bwanji bwana? Zikomo chifukwa cha intavyu ya mlangizi wa alimi ija. Ndinakutumizirani imelo Lachiwiri kufunsa za zotsatira, mukapeza mpata muione."

Zathera pomwepo. Kalankhulidwe kake kali ngati mwakumana nawo pakhomo la banki m'tauni: mwaulemu, momasuka pang'ono, koma osawaimitsa nthawi yaitali. Kumasuka sikutanthauza za pa WhatsApp ayi. Mawu odula, tizithunzi toseka, "bwanji boyi", zonsezo ayi ndithu. Musadulenso uthengawo m'tizidutswa, moni payekha, funso payekha, chifukwa foni yawo ilira katatu pa nkhani imodzi. Ndipo musatumize moni wokha n'kumadikira ayankhe kaye.

Inu mwayi muli nawo poti ndinu olumikizana kale. Amene sanalumikizane, kauthenga koperekeza pempho la Connect kamalola zilembo 200 kapena 300 zokha malinga ndi akaunti, kuwerengera ndi mipata yomwe. Zilembo, osati mawu. Ndi ziganizo ziwiri basi.

Za nthawi: tsiku limene analonjeza likadutsa, dikirani masiku awiri kapena atatu a ntchito, kenako tumizani imelo m'mawa. Ikatha sabata kuli chete, m'pamene mupite pa LinkedIn. Kutumiza konse kuwiri ola limodzi, mawu ofanana, kumaoneka ngati mukuwathamangitsa. Musanalembe, tsegulani tsamba lawo muone pa Activity. Ngati papita miyezi osalemba kapena kuyankha kanthu, mwina salowako n'komwe, ndiye kusayankha kwawo kumeneko musakutenge ngati akukanani. Zikatero imbani foni ya ku ofesi, mufunse a ofesi yolemba ntchito ngati imelo yanu inafika. Muyang'anenso mu Spam mwanu, mayankho a makampani nthawi zina amagwera m'menemo.